Kaundula wa mawu: omasulira atatu, pakamwa pamodzi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

 Lero tikambirana ntchito ya pa tebulo, ya pepala ndi cholembera, koma zotsatira zake zimakaonekera kumunda, kuchigayo ndi kunyumba yosungiramo katundu.

Dera lathu lino lasanduka la mapulojekiti. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo ali ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Chapafupi pomwepa pali sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Paliponse pamene pali ntchito zazikulu ngati izi, kapena kagulu ka alimi kofuna kuti mpunga wake ulowe m'masitolo ndi chidindo cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, pamabwera anthu odzaona ngati ntchito ikuyenda monga zinalembedwera. Akamachoka amasiya lipoti. Lipotilo limakhala m'Chingerezi. Koma amene ayenera kuchitapo kanthu ndi mayi woyanika mpunga pa simenti, mnyamata wa pa sikelo, ndi bambo wosunga makiyi. Ndiye lipoti lija liyenera kumasuliridwa, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yathu.

Ndikufotokozereni zimene ndinaona ndi maso anga pa gulu lina la alimi a mpunga. Dzina lake tilisiye. Anawabweretsera lipoti la masamba 18, ndipo poti nthawi inali yochepa, anagawira anthu atatu odziwa Chingerezi, aliyense masamba 6. Mmodzi anali mphunzitsi, wina mlembi wa gululo, wachitatu mtsikana amene anali atangomaliza kumene kukoleji. Onse atatu Chichewa chawo chinali chosalala bwino. Palibe amene analemba zopanda nzeru.

M'lipotimo munali liwu limodzi la Chingerezi lobwerezabwereza, lakuti "nonconformity". Aphunzitsi analimasulira kuti cholakwa. Mlembi anati vuto. Mtsikana uja anati mlandu. Tsiku la msonkhano anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, lipoti n'kuyamba kuwerengedwa. Pamene anafika pa tsamba lonena za nyumba yosungira mpunga, anamveka mawu akuti apezapo milandu iwiri. Bambo wosunga makiyi, munthu wachikulire, anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo anafunsa ndi mawu onjenjemera kuti, kodi milanduyi ikakambidwa kwa amfumu kapena kupolisi? Pamene amayi oyanika mpunga, amene tsamba lawo linati pali mavuto atatu, anangogwedeza mitu. Mavuto ndi a tsiku ndi tsiku, ndani alibe? Chikhalirecho zimene zinapezeka kwa amayiwo ndi zimene zinali zazikulu, ndipo za bambo aja zinali zazing'ono. Mawu atatu osiyana anachititsa kuti wina achite mantha opanda pake, ena n'kukhala phee pamene anayenera kudzuka.

Mankhwala a matenda amenewa ndi kaundula wa mawu. Ndi mndandanda umene gulu limagwirizana lisanayambe kumasulira, wonena kuti liwu ili la Chingerezi, m'mapepala athu onse, tizilitchula motere m'Chichewa, osati mwina ayi.

Wina afunsa kuti, nanga mabuku otanthauzira mawu alibe ntchito? Ali nayo, ndipo akhale pa tebulo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mu 2000, ndi wothandiza, chimodzimodzi buku la Chichewa ndi Chingerezi la a Steven Paas. Koma buku lotere ntchito yake ndi kukupatsani mawu onse amene angatheke. Likupatsani anayi kapena asanu, ndipo onse ndi oona. Kaundula ntchito yake ndi yotsutsana ndi imeneyo: amasankha limodzi, enawo n'kuwatsekera kunja.

Tiyambe ndi mmene mawuwo timawapezera. Musakhale pansi n'kumaganiza mawu a m'mutu. Sonkhanitsani mapepala enieni: lipoti la chaka chatha, pepala la mafunso limene oona ntchito amayenda nalo, mafomu amene antchito amadzaza, ndi malangizo a kagwiridwe ka ntchito amene anapachikidwa pakhoma. Aliyense wa omasulira awerenge ndi pensulo m'manja, n'kudula mzere pansi pa liwu lililonse limene likubwera kawirikawiri, ndi lililonse limene munthu atalimva molakwika angachite chinthu china. Mukaphatikiza, mupeza mawu mwina 40, mwina 60. Amenewo ngokwanira poyambira. Kaundula wa mawu 500 palibe amene amamutsegula.

Tsono apa mverani bwino, chifukwa m'pamene ambiri amapunthwa. Musathamangire kufunafuna liwu la Chichewa. Yambani mwalemba tanthauzo, m'chiganizo chimodzi cha Chichewa chomveka. Mwayi wake ngwakuti pa nkhani za ubwino wa ntchito matanthauzowa analembedwa kale. Bungwe la miyezo la dziko lonse la ISO lili ndi buku lotchedwa ISO 9000, limene limatanthauzira mawu ogwiritsidwa ntchito mu ISO 9001, ndipo lina, ISO 19011, limafotokoza mmene kuona ntchito kotereku kuyenera kuyendera. M'menemo liwu lija limene linaopsa bambo athu likungotanthauza kuti chinthu chimene chinafunika kuchitika sichinakwaniritsidwe. Basi. Silikunena kuti wina ndi wakuba, silikunenanso kuti wina ndi waulesi. Silikuloza munthu chala, likuloza ntchito.

Ku gulu lija, titalemba tanthauzo limenelo, mawu atatu aja anagwa okha. Mlandu umafuna woweruza. Cholakwa chimafuna wolakwa. Vuto ndi lotambalala kwambiri, ngakhale mvula ikachedwa ndi vuto. Wina anati tinene kuti kuphonya muyezo, ndipo poyamba tonse tinakondwera nalo. Koma mnyamata wa pa sikelo, amene tinamuitana dala, anati kwa iye muyezo ndi makilogalamu, ndipo akamva kuti waphonya muyezo aganiza kuti thumba silinakwane 50. Taonani phindu loitana mwini ntchito. Panalinso chovuta china: liwu loyamba ndi ku- silichulukitsidwa, ndiye ukafuna kunena kuti zapezeka zitatu, lilime limakodwa. Tinathera pa liwu lakuti chophonyedwa. Chimodzi chophonyedwa, zambiri zophonyedwa. Chophonyedwa chachikulu, chophonyedwa chaching'ono. Limalowa m'chiganizo popanda kulikankha.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tikupitiriza pulogalamu yathu, ndipo tsopano ndikufuna tikhalitse pa mawu awiri amene ine ndimawaona kuti ndiwo mtima wa kaundula yense wa mtundu uwu. M'Chingerezi amalembedwa "correction" ndi "corrective action". Amafanana ngati mapasa, ndipo womasulira wotopa amangolemba kukonza ponse pawiri. Akatero waononga lipoti.

Tibwerere kwa amayi oyanika mpunga. Malangizo a gulu lawo ankati mulu uliwonse wa mpunga, usanalowe m'matumba, upimidwe chinyontho ndi kachipangizo kopimira, ndipo nambala yake ilembedwe m'buku. Mpunga wosapuntha umafunika uume mpaka chinyontho chifike pa 14 peresenti kapena kucheperapo pang'ono. Ukalowa m'thumba uli wonyowa umachita nkhungu n'kusintha mtundu, ndipo fungo lija limene anthu amaukondera Kilombero limathawa. Ukaumitsitsanso umasweka pa chigayo. Woona ntchito anatsegula buku, anawerenga milu 20, ndipo pa milu 6 panalibe nambala iliyonse. Chimenecho ndiye chophonyedwa.

Fomu imene anasiya inali ndi mabokosi awiri. Loyamba linkafunsa chimene achite ndi milu 6 ija. Yankho lake n'losavuta: kutsegula matumba, kupima, wonyowa kuuyanikanso, n'kulemba. Kumeneko ndiko kukonza. Bokosi lachiwiri linkafunsa china: n'chifukwa chiyani milu 6 inadutsa osapimidwa, ndipo muchita chiyani kuti zisadzachitikenso? Pa fomu yomasuliridwa, mabokosi onse awiri anali ndi mutu wofanana, wina kukonza, wina ntchito yokonza. Mlembi anaona ngati afunsidwa funso limodzi kawiri, ndipo anakopera yankho lomwe lija. Fomu inabwezedwa.

Titakhala pansi n'kufunsa amayiwo bwinobwino, gwero linaoneka. Kachipangizo kopimira kanali kamodzi, kankatsekeredwa mu ofesi, ndipo wosunga kiyi wa ofesiyo sankabwera Loweruka. Milu yonse 6 inali ya Loweruka. Amayiwo ankangoluma njere ndi mano, monga tinaphunzirira kwa makolo, akamva kuti yalira, n'kuthira m'thumba. Choncho yankho la bokosi lachiwiri linali lakuti kachipangizoko kazikhala ndi mtsogoleri wa oyanika, ndipo pakhale wina wachiwiri wodziwa kukagwiritsa ntchito.

Mlimi aliyense kusiyana kumeneku amakudziwa. Udzu ukaudula pamwamba, munda umaoneka bwino sabata imodzi. Ukauzula ndi mizu, wathana nawo. M'kaundula mwathu tinalemba kuti liwu loyamba ndi kukonza, lachiwiri ndi kuthetsa gwero, ndipo tinaonjezera chenjezo lakuti pamalo a lachiwirili liwu lakuti kukonza lisaoneke ngakhale pang'ono. Mawu awiri amene m'Chingerezi amafanana maonekedwe, ife tinawasiyanitsa dala kuti khutu lisawasokoneze. Kumasulira kwabwino nthawi zina kumatero.

Palinso timawu ting'onoting'ono timene anthu saganiza n'komwe zotiika m'kaundula, chifukwa timaoneka ngati ta ku pulayimale. M'mabuku a ISO, "shall" amatanthauza lamulo, chinthu chimene ukapanda kuchita, chophonyedwa chalembedwa. "Should" ndi langizo chabe. "May" ndi chilolezo. Ife pa Chichewa timakonda kunena kuti ayenera pa awiri oyambawo. Zikatero gulu limataya ndalama pa zinthu zimene linangolangizidwa, kapena limanyozera lamulo poganiza kuti ndi langizo. Tinagwirizana kuti ayenera akhale wa lamulo yekha, langizo tizinena kuti ndi bwino kuti, ndipo chilolezo tizinena kuti aloledwa. Mizere itatu yokha, koma inasintha mapepala onse.

Ngakhale dzina la ntchito yonseyi linatitengera nthawi. Kuno anthu akamva kuti kukubwera maodita, maganizo amathamangira ku ndalama zosowa. Tikati kufufuza, akumva apolisi. Tikati kafukufuku, akumva ophunzira a ku yunivesite oyenda ndi mafunso m'midzi. Tinasankha kauniuni, ndipo munthu wake tinamutcha wochita kauniuni. Gulu lina likhoza kusankha mwina, ndipo sindingalitsutse. Chimene ndingatsutse ndi kusintha pakati pa njira.

Tsono kaundulayo amaoneka bwanji? Mukhoza kumulemba pa kompyuta, mu Excel, kapena m'kope lalikulu lojambula mizere. Ndikuwerengereni mzere umodzi wathunthu. Malo oyamba, liwu la Chingerezi: "corrective action". Achiwiri, tanthauzo: zimene gulu lichita pochotsa chimene chinayambitsa chophonyedwa, kuti chisabwerenso. Achitatu, liwu losankhidwa: kuthetsa gwero. Achinayi, chiganizo chachitsanzo chochokera pa ntchito yanu yomwe: pothetsa gwero, kachipangizo kopimira kazisungidwa ndi mtsogoleri wa oyanika. Achisanu, mawu okanidwa: kukonza, ntchito yokonza, chilango. Achisanu ndi chimodzi, amene anavomereza ndi tsiku lake. Ngati liwulo ndi dzina la chinthu, lembaninso mmene limachulukira ndi mmene limagwirizanirana ndi mawu ena. Zimenezi n'zofunika makamaka pa mawu obwereka, chifukwa wina alemba lipoti ili, wina lipoti iyi, wina fomu yathu, wina fomu lathu, ndipo wowerenga amadziwa msanga kuti pepalali lalembedwa ndi manja ambiri.

Malo a mawu okanidwa aja musawaone mopepuka. Womasulira watsopano akadzabwera chaka chamawa, liwu loyamba kumufikira m'mutu lidzakhala lomwe lija munalikana. Akaliona litalembedwa kuti ili ayi, ndi chifukwa chake pambali, mkangano umene munautha sudzayambiranso.

Pa tebulo losankha mawu pakhale anthu a mitundu itatu: wodziwa za kauniuni, amene angakuuzeni ngati tanthauzo lapotoka, omasulira, ndi mmodzi kapena awiri mwa amene adzagwiritse ntchito mapepalawo. Kuno kwa Kachindamoto tili osakanikirana, Achewa, Angoni, ndi abale athu Ayao cha kunyanja, ndipo liwu lomveka bwino kwa wina likhoza kukhala lachilendo kwa mnzake. Njira yoyesera ndi yosavuta. Werengerani munthu chiganizo chachitsanzo, ndipo musamufunse kuti mwamva? Aliyense amayankha kuti eya, mwaulemu. Mufunseni kuti, mutalandira pepala ili mawa m'mawa, mungachite chiyani? Yankho lake likuuzani ngati liwu lagwira.

Mukagwirizana, kaundula akhale ndi mwini mmodzi. Ndi yekhayo amene amalemba liwu latsopano kapena kusintha lakale. Pamwamba pa tsamba alembe nambala ndi tsiku: kaundula wachitatu, wa tsiku lakutilakuti. Masiku ano mafayilo amayenda pa WhatsApp, ndipo n'chapafupi kuti wina azigwira ntchito ndi kaundula wa mwezi wathawu osadziwa. Womasulira akakumana ndi liwu limene mulibe, asadzipangire yekha chamumtima. Alilembe, apitirize ntchito, madzulo atumize kwa mwini kaundula, ndipo yankho lipite kwa onse nthawi imodzi. Liwu likasintha, mapepala akale amene akugwirabe ntchito asinthidwenso, makamaka mafomu ndi malangizo a pakhoma. Wochita kauniuni akadzabweranso, chinthu choyamba chimene amaona ndi zophonyedwa za ulendo wathawu, ndipo ngati fomu ikunena china pamene lipoti likunena china, antchito sadzadziwa kuti ndi nkhani imodzi.

Nanga mudziwa bwanji kuti omasulira atsatiradi kaundula? Pali njira ziwiri zimene ine ndimadalira. Yoyamba ndi kuwerenga. Tsegulani pepala la Chingerezi pa kompyuta, dinani Ctrl+F, lembani liwu lija, muone kuti likupezeka kangati. Tinene kuti ka 23. Pitani ku la Chichewa muchite chimodzimodzi. Koma samalani, Chichewa chimasintha kumutu kwa liwu. Mukalemba chophonyedwa, kompyuta sikuonetsani zophonyedwa. Lembani tsinde lokha, phonyedwa, ndipo zonse zituluka. Mukapeza 19, dziwani kuti pali malo anayi oti mukaone. Mwina womasulira wangogwiritsa ntchito mlowam'malo, zimene zili bwino, kapena wabwerera ku vuto ndi cholakwa. Kenako sakani mawu okanidwa, limodzilimodzi. Kalembedwenso kamasokoneza kusaka kotere. Wina amalemba mau, wina mawu; wina muyeso, wina muyezo. Sankhani kalembedwe kamodzi, mukalembe pa tsamba loyamba la kaundula.

Njira yachiwiri ndi kubweza. Tengani ndime ziwiri kapena zitatu za Chichewa, mupatse munthu amene sanaone za Chingerezi, azibwezere m'Chingerezi, ndipo wodziwa za kauniuni ayerekeze ndi zoyambirira. Ngati lamulo labwerako litasanduka langizo, mwapeza pamene padontha.

Ndisakunamizeni kuti kaundula amatha zonse. Iye amasunga mawu, sapanga ziganizo. Munthu akhoza kuika liwu lililonse pamalo pake koma chiganizo n'kukhala Chingerezi chovala chitenje, chimene mayi wa pa simenti sangachimve. Palinso ngozi yotsatira kaundula ngati wakhungu. Liwu la Chingerezi lomwelo nthawi zina limabwera m'tanthauzo lake wamba, ndipo pamenepo womasulira ayenera kugwiritsa ntchito mutu wake. N'chifukwa chake tinayamba ndi tanthauzo: kaundula amamanga liwu pamene tanthauzo lija lilipo, osati paliponse pamene zilembo zafanana. Ndiponso, pa mapepala amene asainidwa, gwirizanani n'kulemba poyera kuti pakabuka kusamvana, lotsatidwa ndi liti, la Chingerezi kapena la Chichewa. Kawirikawiri limakhala limene wochita kauniuni anasaina.

Ku gulu lija, kaundula woyamba anali ndi mawu 44, ndipo anatitengera masana awiri. Lipoti lotsatira linamasuliridwa ndi anthu atatu omwe aja. Litawerengedwa pansi pa mtengo uja, bambo wosunga makiyi anamva kuti kunyumba yawo yosungira kwapezeka chophonyedwa chaching'ono chimodzi: matumba ena anasanjidwa mogunda khoma. Anafunsa kuti, ndiye kukonza ndi kuwasuntha, nanga gwero? Mtsogoleri wa oyanika anayankha kuti matabwa osanjikira ndi ochepa, ndipo mlembi analemba zimenezo m'bokosi lachiwiri.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzatenga fomu yeniyeni ya kauniuni n'kuimasulira limodzi mzere ndi mzere, choncho amene muli nayo mudzakhale nayo pafupi, pamodzi ndi pensulo. 

(NYIMBO YOTSEKERA)